Mkaka wa nambala 1 kapena 2, nanga phala la m'bokosi ndisankhe liti?

Make_Tamanda
Moni nonse pagulu pano. Mwana wanga akwanitsa miyezi 6 sabata yamawa. Amamwa mkaka wa m'chitini wa nambala 1, ndipo ali bwino, kusikelo akuti kulemera kwake kukukwera bwino. Tsopano pachitinipo alemba kuti miyezi 0 mpaka 6, ndipo cha nambala 2 alemba miyezi 6 mpaka 12. Ndili ndi zitini ziwiri za nambala 1 zosatsegula. Kodi tsiku lomwe akwanitse miyezi 6 ndiyenera kumusinthira? Zitini ziwirizi ndizitani? Funso lachiwiri ndi la phala. Ndili ndi mabokosi awiri, lina alemba kuyambira miyezi 6, lina kuyambira miyezi 4. Ndawerenga kumbuyo kwake mpaka maso kuwawa koma sindikutolapo kanthu. Amene mukudziwa ndithandizeni chonde.

TateWaMapasa
Sinthani mayi. Nambala 2 ndi wokhutitsa, anaupangira mwana wamkulu. Anga amapasa nditangowasinthira anayamba kugona usiku wonse. Nambala 1 ndi wopepuka, pa miyezi 6 sumugwira m'mimba.

Nagama88
Koma abale, bwanji osangomuyamwitsa mwanayo? Miyezi 6 yokha mukufuna kumuchotsa kubere? Mkaka wa m'mawere mulibe zonsezi za manambala.

Make_Tamanda
Achemwali a Nagama88, werenganinso bwino. Sindikumuchotsa kubere lero. Anasiya kalekale pa zifukwa za matenda anga, ndipo ndi adokotala amene anatiuza tiyambe wa m'chitini. Funso langa ndi la zitini.

Nagama88
Pepani, ndinathamanga.

NesiWakale
Amake Tamanda, zitini zanu ziwirizo musataye, musapatse munthu. Mwana amwe mpaka zithe, ndipo ngati mukufuna mupitirize kugula nambala 1 yomweyo mpaka akwanitse chaka. Mkaka wa nambala 1 ndi umene unapangidwa kuti ukhale chakudya chokhacho cha mwana kuyambira tsiku lobadwa, ndiye malamulo ake ndi okhwima kuposa a mikaka ina yonse ya ana. Mwana akafika miyezi 6, mkakawo sumasanduka wosayenera. Chimene chimasintha n'chakuti mkaka pawokha sukwaniranso, kaya ndi wa m'mawere kaya wa m'chitini, ndiye timayamba kuwonjezera chakudya.

Nambala imene ili pachitini muziiwerenga mbali imodzi. Wa nambala 2 musamupatse mwana wosakwana miyezi 6, chimenecho ndiye choletsa chenicheni. Koma kupitiriza nambala 1 pamwamba pa miyezi 6 palibe choletsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kale mu 1986 kuti mkaka wotsatirawu si wofunikira, ndipo linabwerezanso mu 2013.

TateWaMapasa
Ndiye makampaniwo amaupangiranji ngati ndi wosafunikira? Anthu ophunzira aja angamataye nthawi?

Kasupuni
Sataya nthawi bambo, amagulitsa. Mu 1981 maiko anagwirizana malamulo oletsa kutsatsa mkaka wolowa m'malo mwa bere. Maiko ambiri atalemba malamulo awo, kuletsako kunagwira mwamphamvu mkaka wa makanda, pamene wa miyezi 6 kupita mtsogolo unatsala ndi mpata wotsatsidwa. Mukayang'ana zitinizo muona kuti mtundu, chizindikiro ndi dzina n'zofanana, chosiyana ndi nambala. Akatsatsa 2 ndi 3, dzina la 1 lalowa kale m'mutu mwanu.

Za kukhutitsazo, tengani zitini zonse ziwiri muyerekeze mzere wa mphamvu pa 100 ml ya mkaka wosungunula kale. Muyezo wa zakudya wa padziko lonse wotchedwa Codex Alimentarius umati mkaka wa makanda ukhale pakati pa makalori 60 ndi 70 pa 100 ml, ndipo mupeza kuti 1 ndi 2 onse ali m'menemo, mwina wina 66 wina 68. Kusiyana kotereku mimba ya mwana singakumve.

TateWaMapasa
Koma anga anagona. Zimenezo ndinaziona ndi maso anga, osati pachitini.

NesiWakale
Sindikukutsutsani kuti anagona, bambo. Koma munawasinthira pa miyezi 6, nthawi yomweyo imene munayamba kuwapatsa phala, komanso ndi msinkhu umene ana ambiri amayamba okha kugona nthawi yotalikirapo. Zinthu zitatu zinasintha pamodzi, ndiye n'kovuta kuloza chimodzi. Pali kamfundo kamodzi kamene muli nako pafupi ndi choona. Puloteni wa mumkaka ali mitundu iwiri, weyi ndi kesini. Mikaka yambiri ya nambala 1 imakhala ndi weyi wochuluka, kawirikawiri magawo 60 pa 100, potsanzira wa m'mawere. Ina ya nambala 2, ndi ija amalemba kuti ndi ya ana anjala, imakhala ndi kesini wochuluka ngati mkaka wa ng'ombe, ndipo kesini amaundana m'mimba n'kuchedwa kugayika. Koma kuchedwa kugayika si umboni wakuti mwana agona, ndipo ana ena amangodzimbidwa nazo.

Chifundo_M
Wanga ndi mmodzi wa odzimbidwawo. Titasintha kupita pa 2 chimbudzi chinayamba kutuluka chouma ngati timiyala, akulira pochita. Tinabwerera pa 1 zinatha. Mwina zinangochitika, koma ine sindinayesenso.

Make_Tamanda
Zikomo a Nesi, mtima wakhala pansi. Koma pachitini cha 2 alemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti muli ayironi wochuluka wothandiza ubongo. Chimenecho ndiye chikundivutitsa, ndisam'mane mwana chinthu chofunika.

Kasupuni
Tiwerengereni manambala ake mayi. Kumbuyo kwa chitini chilichonse, mzere wa ayironi, pansi pa pomwe alemba 100 ml. Mutiuzenso amamwa wochuluka bwanji patsiku.

Make_Tamanda
Cha 1 alemba 0.7 mg. Cha 2, chimene ndinajambula m'sitolo, alemba 1.0 mg. Amamwa mabotolo asanu patsiku, lililonse pafupifupi 150 ml, koma nthawi zina amasiyako.

Kasupuni
Chabwino, tinene kuti amamaliza 700 ml patsiku. Pa nambala 1 ndiye 0.7 kuchulukitsa ka 7, zikupereka 4.9 mg. Pa nambala 2 ndi 7 mg. Kusiyana kwake ndi 2 mg ndi pang'ono. Akatswiri a ku America ndi a ku Ulaya amayika 11 mg patsiku kwa mwana wa miyezi 7 mpaka chaka. Mukuona kuti ngakhale nambala 2 payokha sikufikapo. Mbali yotsalayo iyenera kuchokera m'chakudya, kaya mwasankha chitini chiti. Ndiye kulemba kwawoko si bodza, ayironi ndi wochulukadi, koma nkhani yaikulu ya ayironi ili m'mbale ya mwana. N'chifukwa chake funso lanu lachiwiri, la phala, ndi lolemera kuposa loyambalo.

NesiWakale
Ndiwonjezereko. Mwana wobadwa pa nthawi yake amabadwa ndi ayironi wosungidwa m'thupi, amene amamufikitsa cha m'miyezi 6. Akatha ameneyo ndi pamene kuchepa kwa magazi kumayambira ngati chakudya chilibe ayironi. Nyama yophikidwa bwino n'kuipera, nsomba yochotsedwa minga, dzira lopsa bwino, nyemba zosenda n'kuzipota, zonsezi zimathandiza. Wobadwa masiku asanakwane kapena wobadwa wochepa thupi ndi nkhani ina, ameneyo nthawi zambiri amalemberedwa madontho a ayironi kuchipatala, ndipo mkaka wake musamasinthe popanda kuwafunsa.

AgogoAke_Dali
Ana inu mwachulukitsa masamu. Ife tinalera ana popanda ma mg amenewa ndipo anakula, ena ndi amene mukulemba panowa.

Chifundo_M
Agogo, inu munkayamwitsa zaka ziwiri, chitini simunachigwirepo. Ife tikugula chinthu chopangidwa ndi munthu wofuna phindu, tisawerenge?

AgogoAke_Dali
Werengani mwana wanga, sindikuletsa. Ndimangoona mdzukulu wanga akulira ndi njala mayi ake ali pa foni kuwerenga chitini.

Make_Tamanda
Agogo mwandiseketsa. Wanga wagona, ndiye ndili ndi mpata. Nazi zimene zalembedwa pamabokosi aja.

Loyamba, la miyezi 6: ufa wa tirigu, mkaka waufa wochotsedwa mafuta 25%, shuga, mafuta a zomera, kenako mavitamini ndi ayironi. Pa 100 g ya ufawo, mashuga 32 g, ayironi 7.5 mg. Akuti ndisakanize 50 g ndi madzi 150 ml.

Lachiwiri, la miyezi 4: ufa wa mpunga, vitamini B1. Basi. Mashuga sakufika 1 g. Mzere wa ayironi palibe. Akuti ndisakanize ndi mkaka umene mwana amamwa.

TateWaMapasa
Lachiwirilo ndiye labwino, mulibe shuga. Nkhani yatha.

Kasupuni
Sinathe bambo, tiyeni tiyende nalo pang'onopang'ono.

Choyamba kudziwa n'chakuti zosakaniza amazilemba motsatira kulemera kwake, chochuluka kwambiri chimayamba. Pabokosi loyambalo shuga ali pachitatu, patsogolo pa mafuta. Ndiye si kapang'ono kongokometsera.

Tsopano 32 g ija si yonse yothira. Mzere wa mashuga umaphatikiza ndi lakitozi, shuga wachilengedwe wa mumkaka, amene mwana amamwa kale tsiku ndi tsiku ndipo alibe vuto. Mkaka waufa wochotsedwa mafuta pafupifupi theka lake ndi lakitozi. Iwo alemba 25%, ndiye mu 100 g muli mkaka 25 g, lakitozi wake cha m'ma 13 g. Chotsani 13 pa 32, patsala pafupifupi 19 g. Mbale imodzi ndi 50 g, theka la zimenezo, ndiye 9 kapena 10 g. Supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula shuga pafupifupi 4 g. Mbale imodzi ya mwana wa miyezi 6 muli masupuni awiri ndi kupitirirako a shuga amene sanachokere mumkaka. Inu mutaphika nokha phala la khanda, mungathiremo masupuni awiri? Koma ayironi alimo, 50 g ikupereka pafupifupi 3.7 mg, ndipo ameneyo ndi wabwino ndithu.

Lachiwirilo ndi loyera, mulibe shuga, koma mulibenso ayironi. Ndi ufa wa mpunga basi. Limathandiza mwana kuphunzira kumeza, koma limadzaza mimba popanda kupereka chimene mwana wa msinkhu uwu akusowa kwambiri.

Make_Tamanda
Ndiye onse awiri ndi olakwika?

Kasupuni
Palibe la poizoni. Koma ndikanakhala ine ndikanafuna lachitatu. Zosakaniza zake zikhale zochepa, loyamba likhale ufa wa mbewu monga otsi, tirigu kapena mbewu zingapo zophatikiza, pamndandanda pasapezeke shuga, ndipo ayironi alembedwe ndi nambala yake. Otere alipo, kungoti sakhala ndi chithunzi chokopa kwambiri. Amene muli nawowo mungagwiritse ntchito la mpungalo posakaniza ndi mkaka wake wa nambala 1 kwa masiku oyamba, uku mukuyambitsa zakudya za ayironi pambali.

NesiWakale
Ndigwirizane ndi a Kasupuni, koma la mpungalo lisakhale la tsiku ndi tsiku kwa miyezi. Mpunga umakoka poizoni wotchedwa aseniki m'nthaka ndi m'madzi kuposa mbewu zina, ndiye malangizo a masiku ano ndi akuti muzisinthasintha mbewu. Osachita mantha, mbale zingapo sizivulaza, koma musamangirire pa mpunga wokha.

Za miyezi 4 yolembedwa pabokosipo, malamulo a maiko ena amalola kulemba choncho, koma WHO imati chakudya chowonjezera chiyambe pa miyezi 6. Nambala ya pabokosi sikutanthauza kuti mwana wanu wakonzeka. Muone mwanayo. Akhale wotha kukhala tsonga pomugwirizira pang'ono, khosi lolimba, wotsata chakudya ndi maso n'kutsegula pakamwa, ndipo mukamuika kasupuni asamangokankha chakudya ndi lilime. Wanu watsala pang'ono kukwanitsa miyezi 6, ndiye ya 4 ija ilibenso ntchito kwa inu. Ndikunenera ena amene akuwerenga mwakachetechete ali ndi ana a miyezi 3 ndi theka.

Lonjezo_22
Ndine mmodzi wa owerenga mwakachetechetewo. Wanga ali ndi miyezi 4 ndipo apongozi akuti ndizithira phala m'botolo la usiku, ndikulitse kabowo ka nsonga yake. Akuti ndi mmene amagonera ana.

NesiWakale
Musatero mwana wanga. Phala m'botolo limatsamwitsa, makamaka kabowo kakakulitsidwa ndipo mwana akumwa chogona ali ndi tulo. Limasokonezanso muyezo wa mkaka, mwana amalandira zolimba zambiri ndi madzi ochepa. Pali mikaka yokhuthala ya ana osanza kwambiri, koma imeneyo amalemba ndi adokotala atamuona mwana. Phala ndi la supuni, mwana ali chokhala.

Lonjezo_22
Nanga apongoziwo ndiwauze bwanji? Tikukhala nyumba imodzi.

Chifundo_M
Atumeni amuna anu, ndi mayi awo. Inu mukanena zikhala mwano, iwo akanena zikhala nzeru.

TateWaMapasa
Amuna timavutika pagulu lino. Chilichonse chovuta atumeni amuna.

AgogoAke_Dali
Pitani nawo kusikelo apongoziwo akamve okha kwa anesi. Ife achikulire timamva msanga munthu wovala yunifolomu kusiyana ndi mtengwa. Ndikunena zimene ndikuzidziwa.

Lonjezo_22
Agogo, nzeru imeneyo ndaitenga.

Mphatso_wa_Yehova
Ndibwerere ku shuga. Ine ndimagula lolembedwa kutsogolo kuti sanathiremo shuga, koma ndikalawa ndi lotsekemera zedi. Akundinamiza kapena?

Kasupuni
Mwina sakunama mwa lamulo, koma tembenuzani bokosilo. Pali njira zingapo. Ena amathira madzi a zipatso owiritsa mpaka kukhuthala, kapena ufa wa zipatso, ndipo sawutchula shuga. Ena amalemba maina ena monga sukulozi, gulukosi, manyuchi a gulukosi, fulakitozi kapena chimera cha balere. Njira ina yobisika kwambiri ndi ufa umene amati wogayidwa kale. Amauthira michere imene imaphwanya sitachi kukhala mashuga ang'onoang'ono, ndiye phala limatsekemera lokha ngakhale sanathiremo supuni ya shuga. Poyesera pake ndi mzere wa mashuga pa 100 g. Ngati mulibe mkaka m'bokosimo koma mashuga ali 20 g kapena kuposa, achokera kwinakwake.

Ndi mkaka wa m'chitini chimodzimodzi. Wabwinobwino wa mwana wopanda vuto, shuga wake wamkulu akhale lakitozi. Muyezo wa Codex umati sukulozi ndi fulakitozi zipewedwe mumkaka wa makanda. Malitodekisitirini, opangidwa kuchokera ku sitachi, amapezeka m'mikaka ina, makamaka yapadera yopanda lakitozi, ndipo kumeneko ali ndi chifukwa chake. Koma mu nambala 3, ija ya chaka chimodzi mpaka zitatu, ndi mmene shuga wothira ndi zonunkhiritsa za vanila zimachulukira. Mwana wa chaka amene akudya bwino angathe kumwa mkaka wa ng'ombe wowiritsa wokhala ndi mafuta ake onse, nambala 3 sakuifuna.

Mphatso_wa_Yehova
Ndatembenuza. Ufa wogayidwa kale uja ndi umene uli poyamba, mashuga 24 g, mkaka mulibe. Nanga la uchi? Ndinaliona lolembedwa kuti tirigu ndi uchi.

NesiWakale
Uchi ayi mpaka mwana akwanitse chaka. Ungathe kukhala ndi timbewu ta tizilombo toyambitsa botulizimu, ndipo m'matumbo a khanda timamera n'kutulutsa poizoni wofooketsa minofu. Mwana amayamba kudzimbidwa, kuyamwa mofooka, kulira kwa mawu otsika, thupi lendelende. Kuphika kwa masiku onse sikupha timbewuto. Opanga ena amati uchi wawo anaukonza mwapadera, koma ine ndimati bokosi lililonse lotchula uchi lidikire chaka. Ndi shuganso basi, palibe chimene mwana akutaya.

Nabanda_J
Pepani ndilowetse nkhani yanga. Wanga wa miyezi 5 ali ndi totupa kumaso ndi m'khosi, amasanza pafupipafupi, ndipo dzana ndinaona timizere ta magazi m'chimbudzi chake. Mnzanga akuti mkaka sukumuyanja, ndigule wopanda lakitozi kapena wa mbuzi. Uti mwa iwiriyi?

TateWaMapasa
Wopanda lakitozi. Mwana wa mchimwene wanga unamuthandiza atatsegula m'mimba.

NesiWakale
Ayi bambo, izi ndi zina. Mayi Nabanda, magazi m'chimbudzi cha khanda ndi nkhani ya kuchipatala lero kapena mawa m'mawa, osati ya m'sitolo. Sindingamuyeze mwana pano, koma totupa, kusanza ndi magazi pamodzi zimachititsa adokotala kuganizira za thupi kudana ndi puloteni wa mkaka wa ng'ombe, komanso pali matenda ena oti awaone. Ngati ndi puloteni, mkaka wopanda lakitozi suthandiza, chifukwa anangochotsamo shuga, puloteni ali momwemo. Wa mbuzi puloteni wake ndi wofanana kwambiri ndi wa ng'ombe, ana ambiri odana ndi uwu amadananso ndi uwo. Uja amalemba HA, wa puloteni wophwanyidwa pang'ono, nawonso si mankhwala a vuto limeneli. Pamafunika wophwanyidwa kwambiri kapena wa maamino asidi, ndipo amasankha ndi adokotala. Wa soya kawirikawiri sayamba nawo kwa mwana wosakwana miyezi 6. Mwana wa achimwene a TateWaMapasa mwina matumbo ake anali atatupa ndi matenda otsegula m'mimba n'kulephera kugaya lakitozi kwa kanthawi, kumeneko wopanda lakitozi amathandizadi.

Akayamba kutupa milomo kapena kumaso, kupuma movutika, kapena kufooka, musadikire kuti kuche. Ndipo mukadzayamba phala muzidzayang'ana, chifukwa mabokosi ambiri, monga loyamba lija la amake Tamanda, muli mkaka waufa.

Nabanda_J
Ndamva. Ndipita mawa m'mamawa, chitini ndichitenga akachione.

NesiWakale
Mujambulenso thewera lija mukaliona, zimathandiza.

Tiyamike.K
A Kasupuni, mwati mkaka wa ng'ombe ndi pa chaka. Koma ine ndinawerenga kuti WHO inasintha, akuti kuyambira miyezi 6 mwana wosayamwa angathe kumwa.

Kasupuni
Munawerenga zoona. Malangizo a WHO a 2023 amati mwana wa miyezi 6 mpaka 11 amene sakuyamwa angapatsidwe wa m'chitini kapena mkaka wa ziweto wokhala ndi mafuta ake onse, wowiritsidwa kapena wophedwa tizilombo. Koma mabungwe a madokotala a ana ku America ndi ku Britain akadali pa chaka chimodzi.

NesiWakale
Ine ndikadali pa chaka, kwa amene angathe kupeza wa m'chitini. Mkaka wa ng'ombe uli ndi ayironi wochepa kwambiri, ndipo puloteni ndi mchere wake ndi wochuluka kwa impso za khanda. A Kasupuni anawerengera 4.9 mg ija kuchokera mu nambala 1. Ichotseni imeneyo, muone dzenje limene chakudya chiyenera kukwirira mwa mwana amene akudya masupuni atatu okha.

Kasupuni
Zoona, koma WHO imalembera dziko lonse, kuphatikizapo mabanja amene chitini chimatha mwezi usanathe n'kuyamba kuchulukitsa madzi kuti chifike. Mkaka wa m'chitini wosukuluka ndi woopsa kuposa wa ng'ombe wowiritsa pamodzi ndi chakudya chabwino. Pamenepo ine ndili mbali ya WHO.

NesiWakale
Pa banja lotero sindikana. Koma pasakhale wina womva kuti mkaka uliwonse woyera ndi mkaka. Ufa wothira mu tiyi kapena khofi uja si mkaka, ndi mafuta ndi manyuchi. Wa kondensi wotsekemera ndi shuga wokhawokha. Ndipo pansi pa miyezi 6 palibe mkangano, ndi bere kapena nambala 1 basi.

Tiyamike.K
Ndiye mwagwirizana kapena ayi?

Kasupuni
Theka.

Chifundo_M
Ndifunseko za gulateni, puloteni wa mu tirigu. Bokosi la tirigu lija, ena amati tidikire mpaka miyezi 9 kapena chaka.

NesiWakale
Kudikira sikuteteza. Kuyambira miyezi 6 mungayambitse tirigu pang'onopang'ono ngati zakudya zina. Chofunika n'kuyambitsa chatsopano chimodzi pa nthawi, masana, kuti chikamuvuta mudziwe kuti ndi chiti. Ngati m'banja mwanu muli wodwala matenda a siliyaki, odana ndi gulateni, auzeni achipatala adziwe.

Make_Tamanda
Ndaganiza zopitiriza nambala 1, ndikafunafuna phala la otsi lokhala ndi ayironi. Koma m'sitolo dzina limene amamwa nthawi zina limasowa. Ndingasinthe dzina koma nambala yomweyo?

Kasupuni
Mungathe. Onse a nambala 1 opangidwa motsatira muyezo zofunikira zake n'zofanana, kusiyana kuli pa tinthu towonjezera timene amatamanda kutsogolo kwa chitini. Chimbudzi chingasinthe mtundu kapena kulimba kwa masiku angapo, si chachilendo. Chimene chimavulaza posintha dzina ndi kasupuni ka m'chitini. Timasupuni timeneti si tofanana. Kena kamayezera madzi 30 ml, kena 60 ml. Mukatenga ka 60 n'kumathira kamodzi pa 30 ml iliyonse monga munazolowera, mkaka ukhuthala kawiri, mwana adzimbidwa, amva ludzu, impso zivutika. Mukatembenuza, akumwa madzi oyera ndipo sikelo iima. Kasupuni kakale katayeni limodzi ndi chitini chake, muwerengenso tebulo la chitini chatsopano ngati simunapangepo mkaka. Madzi ayambe kulowa m'botolo, ufa pambuyo, kasupuni kosalaza pamwamba, osatsendera. Muonenso tsiku lotha ntchito pansi pa chitini, ndipo mukatsegula lembani tsikulo pachivundikiro, chifukwa zambiri zimati zithe pasanathe milungu inayi.

TateWaMapasa
Nanga kutentha kwa madzi? Pachitini changa alemba kuti madzi ofunda, madigiri 40, koma kuchipatala anati 70.

NesiWakale
Ufa wa m'chitini si wopanda tizilombo kotheratu, mungapezeke kronobakita kapena salimonela, ndiye WHO imati madzi owiritsa asatsike pansi pa madigiri 70 pothira ufa. Mukawiritsa lita imodzi musaisiye kupitirira mphindi 30. Mukasakaniza, ziziritsani botolo m'madzi ozizira, mudonthezere pamkono kuti muyese. Wotsala mwana akamwa mutaye pakatha maola awiri.

Kasupuni
Zitini zolemba 40 nthawi zambiri ndi zija anathiramo tizilombo tabwino ta m'matumbo, madzi otentha amatipha. Kwa wakhanda wa miyezi iwiri yoyamba, wobadwa msanga kapena wodwaladwala, ine ndingasankhe 70 n'kutaya tizilombo tabwinoto. Kwa amapasa anu akuluakuluwo madokotala amasiyana, funsani amene amawaona.

TateWaMapasa
Anga ali ndi miyezi 11, mwezi wamawa ndikusiya zitini zonsezi. Nambala 3 ndinali nditayamba kale kuiyang'ana, ndaisiya. Lonjezo_22, mutiuze mmene zikathere ndi apongozi kusikelo.